Kodi mumadziwa? Zimene zimasintha mukamanena mawu a munthu wina

Kodi mumadziwa kuti kamawu kakuti *kuti*, kamene kali m'funso lomweli, kanachokera kwa mneni? Kusukulu timakatchula kuti mlumikizi, koma takagawani pawiri muone. Kali ndi *ku-* wa mu *kudya* ndi *kulima*, kenaka *-ti* wa mu *ndati*, *mwati*, *akuti* ndi *anati*. Tanthauzo lake lakale ndi kunena. Choncho munthu akati "anandiuza kuti abwera", kwenikweni watchula kunena kawiri: kuuza kuja, ndi kunena kwina kobisala mu *kuti*. Achishona ali ndi *kuti* wawo, Achizulu ali ndi *ukuthi*, ndipo onsewa ndi a mtundu umodzi ndi wathuyu. Aswahili anadzera njira yomweyo ndi mneni wina: *kwamba* wawo anachokera ku *-amba*, mneni wakale wotanthauza kunena. Musakataye kamfundo aka, chifukwa zambiri zimene zili m'munsimu zatsamira pomwepa.

Kodi mumadziwa kuti munthu wokana mlandu m'Chichewa amakana ndi *sa-*? Timati "anakana kuti sanabe mbuzi". Wozolowera Chingerezi amayesa kuti pamenepa pali kukana kuwiri kofafanizana, ndiye amakonza n'kulemba "anakana kuti anaba mbuzi". Koma chiganizo choyambacho chilibe chilema. Mwini wake anati, "Sindinabe mbuzi." Ife tangochotsa *sindi-* n'kuikapo *sa-*, ndipo *kuti* akugwira ntchito yake yakale: anakana, kunena kwake kunali kwakuti sanabe. Umenewu ndi umboni woti *kuti* sanaiwale kwawo.

Nanga mumadziwa kuti njira zonenera mawu a munthu zilipo ziwiri, ndipo chimene chimazisiyanitsa kwenikweni si mitengero? M'kalasi timati zoyankhula mwini ndi zoyankhula wina. Zoyankhula mwini ndi mawu monga anatulukira pakamwa: Agogo anati, "Ndatopa." Zoyankhula wina ndi uthenga womwewo utalowa m'kamwa mwa wofotokoza: Agogo anati atopa. Polemba timathandizidwa ndi mpatuliro, mitengero ndi lembo lalikulu, koma pakamwa mitengero siimveka. Chimene khutu limagwira ndi *nda-* ndi *a-*. Mukamva *ndatopa* mukudziwa kuti wofotokozayo wabwereka pakamwa pa agogo. Mukamva *atopa* mukudziwa kuti waima payekha n'kumawaloza.

N'chifukwa chake *kuti* sangakuuzeni njira imene yagwiritsidwa ntchito. Chichewa chimalola "ananena kuti, 'Ndatopa'" monganso chimalolera "ananena kuti atopa". Chigiriki cha Chipangano Chatsopano chimachitanso chimodzimodzi: kamawu kake kofanana ndi *kuti* kamatha kutsogolera mawu enieni a munthu, n'kumagwira ntchito imene ife lero timaipatsa mitengero.

Kodi mumadziwa kuti uthenga waufupi wa ziganizo ziwiri ukhoza kusintha malo asanu ndi awiri usanafike pakhomo lachiwiri, koma nthawi ya mneni osasuntha n'pang'ono pomwe? Tiyerekeze kuti ndi Lachiwiri masana. Azakhali anu a ku Mitundu akuimbirani foni, ndipo mawu awo ndi awa:

"Ndagula feteleza wako. Udzatenge kuno mawa, chifukwa ine ndikupita ku Dedza mkuja."

Madzulo a tsiku lomwelo mukufotokozera mayi a kunyumba:

Azakhali ati agula feteleza wanga. Ati ndikatenge kwawo mawa, chifukwa iwo akupita ku Dedza mkuja.

Tiyeni tiwerenge bwinobwino. *Ndagula* wasanduka *agula*. *Wako* wasanduka *wanga*. Mu *udzatenge* mwasintha ziwiri: *u-* wakhala *ndi-*, ndipo *-dza-* wakhala *-ka-*. *Kuno* wasanduka *kwawo*. *Ine* wasanduka *iwo*. *Ndikupita* wasanduka *akupita*. Zakwana zisanu ndi ziwiri. Zisanu mwa izo ndi za anthu, kuti akuyankhula ndani ndipo chinthucho n'chayani. Ziwiri ndi za malo. Koma *-ku-* wa mu *akupita* ali pomwe azakhali anamusiya, ndipo *mawa* ndi *mkuja* akadali momwemo poti dzuwa ndi lomwelo.

Tsopano kwacha, ndi Lachitatu. Mukuuza wa kabaza amene mukufuna kuti akunyamulireni thumbalo:

Azakhali anati agula feteleza wanga, ndikatenge lero, chifukwa akupita ku Dedza mawa.

Apa ndi pamene pamaterera. *Mawa* wa azakhali wasanduka *lero*, ndipo *mkuja* wawo wasanduka *mawa*. Mawu akuti *mawa* akupezekabe mu uthengawo, koma tsopano akuloza tsiku la ulendo wa ku Dedza, osati tsiku lotenga feteleza. Mthenga amene amangoloweza mawu osaganiza za tsiku, akanena Lachitatu kuti "ati mukatenge mawa", wakutumizani Lachinayi, ndipo mukapeza chitseko chili chotseka, eni ake ali m'basi. Sananame liwu ndi limodzi lomwe. Wangobwereza *mawa* amene anatha ntchito usiku wapitawo.

Pakatha mwezi, mukusimbira mnzanu:

Azakhali anati agula feteleza wanga, ndikatenge mawa lake, chifukwa Lachinayi akupita ku Dedza.

*Mawa lake* ndi chida chimene makolo anatisiyira pa ntchito imeneyi. Ka *lake* kamamasula *mawa* kuchoka ku tsiku limene tikuyankhula n'kumumangirira ku tsiku la m'nkhanimo. Chimodzimodzi *dzulo lake*. *Lero* amakhala *tsiku lomwelo*, *chaka chino* chimakhala *chaka chimenecho*. Pamene masiku achulukana, kutchula dzina la tsiku, monga Lachinayi, ndiye njira yosasokeretsa munthu. Koma taonani *agula* ndi *akupita*: mwezi wathunthu wapita, iwo sanasinthebe, ndipo palibe Mchewa angamve kuti azakhali akupita ku Dedza Lachinayi likudzali. *Anati* uja wanyamula kale ntchito yonse yotibwezera m'mbuyo.

Kodi mumadziwa kuti *-dza-* ndi *-ka-* ndi *bwera* ndi *pita* obisala m'kati mwa mneni? Ndimaikonda mfundo imeneyi chifukwa ndi yathuyathu, simungaipeze m'buku la malamulo a Chingerezi. *Udzatenge* ndi kuti ubwere utenge. *Ukatenge* ndi kuti upite utenge. Azakhali ali ku Mitundu, ndiye kwa iwo ulendo wanu ndi wobwera. Inu muli kwanu, ulendo womwewo ndi wopita. Mukalakwitsa n'kunena muli kwanu kuti "ati ndidzatenge", womva akhoza kungomva kuti kutengako n'kwa m'tsogolo, osadziwa kuti pali ulendo, poti *-dza-* amagwiranso ntchito yosonyeza nthawi yam'tsogolo. Koma mukafika pakhomo pa azakhali n'kupeza mwana wawo yekha, *-dza-* amabwerera: "Mayi ako anati ndidzatenge feteleza kuno." Uthenga ndi womwewo, wounena ndi yemweyo, changosintha ndi pamene mapazi aponda.

Kodi mumadziwa kuti kukokera mneni m'mbuyo, monga amachitira Angerezi, kumatha kusintha tanthauzo m'Chichewa? M'Chingerezi, mneni wa kunena akakhala wa nthawi yakale, aneni a mu uthengawo nawonso kawirikawiri amabwerera m'mbuyo sitepe imodzi: za tsopano zimanenedwa ngati zakale, zakale ngati zakalekale. Ana athu amaloweza lamulo limeneli, ndipo n'loona m'chiyankhulo chakecho. Vuto limabwera likawolokera kwathu.

Tengani mayi amene anafika kuchipatala n'kuuza namwino kuti, "Mwana akutsegula m'mimba." Wolemba wina, pofuna kutsata lamulo lija, alemba kuti: mayiyo anati mwana ankatsegula m'mimba. Tawerengani mokweza. Chimene chikumveka n'chakuti pamene mayiyo amayankhula, kutsegulako kunali nkhani ya masiku a m'mbuyo, ngati kuti mawu ake anali akuti, "Mwana ankatsegula m'mimba." Koma mwanayo anali akudwala pa nthawi yomweyo, ali kumsana. Chichewa cholunjika ndi chakuti: mayiyo anati mwana akutsegula m'mimba.

Yesani ndi zina. "Anati ali ndi njala" ndi munthu amene m'mimba munali kulira pamene amayankhula. "Anati anali ndi njala" ndi munthu amene akufotokoza chifukwa chimene anathyolera chimanga m'munda mwa eni dzana. "Anati sakudziwa" ndi wosadziwa pa nthawi yofunsidwayo. "Anati sankadziwa" ndi woti tsopano wadziwa, akungopepesa za kale.

M'Chichewa nthawi ya mneni wa mu uthenga timaiyeza kuchokera pamene mwini mawu anaima, osati pamene ife taima. Chifukwa chake ndi chija tinayamba nacho: *kuti* ndi kunena, ndipo chotsatira kunena chimakhala pafupi ndi mawu a mwini wake. Si ife tokha. Chirasha ndi Chijapani nazonso zimasiya mneni wa mu uthenga mmene mwini wake anamunenera.

Sindikuti *-nka-* ndi woletsedwa pambuyo pa *kuti*. M'nkhani yaitali yosimba zakale, wolemba amatha kunena kuti "anafotokoza kuti ankakhala ku Zomba", ndipo owerenga amatola tanthauzo kuchokera ku ziganizo zoyandikana. Koma khutu langa limamva kuti pamenepo wosimbayo walowetsapo mawu ake. Bwererani kwa azakhali aja. Mukati "chifukwa Lachinayi akupita ku Dedza", chifukwacho n'cha azakhali, inu mwangonyamula. Mukati "chifukwa Lachinayi ankapita ku Dedza", mwayamba kuchitira umboni nokha kuti ulendowo unalipodi.

Kodi mumadziwa kuti "ati agula" wolembedwa pa foni akhoza kutanthauza zinthu ziwiri zotsutsana? Mwini wake akamayankhula palibe chosokoneza: *ndagula* ndi zochitika kale, *ndigula* ndi zoti zichitika posachedwa. Kusiyana kwa *nda-* ndi *ndi-* kumaoneka ndi maso. Koma mukawasandutsa kukhala a munthu wamkulu kapena a anthu ambiri, onse awiri amalembedwa *agula*. Pakamwa timawasiyanitsa ndi kamvekedwe: *agula* wa m'tsogolo amayamba ndi liwu lokwera pa *a-*, pamene *agula* wa zochitika kale amayamba motsika. Kalembedwe kathu ka masiku onse sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndiye wolandira uthenga wakuti "amalume ati atumiza ndalama" sadziwa ngati athamangire kwa ejenti kapena adikire. Mankhwala ake ndi otchipa: onjezani *kale*, kapena tchulani nthawi. "Ati atumiza kale." "Ati atumiza madzulo ano."

Msampha wina wa mtundu womwewo uli pa *-ma-*. "Anati amagulitsa nsomba" akhoza kukhala munthu amene ntchito yake ndi ya nsomba mpaka lero, kapena amene anali kugulitsa nsomba pa nthawi inayake posachedwapa. Apanso chosiyanitsa ndi kamvekedwe. Polemba, ngati mukunena zakale, *ankagulitsa* amachotsa chikaiko.

Nanga mumadziwa kuti *wa-* amaimira anthu awiri osiyana? *Wafika* ndi iwe, *wafika* ndi iyenso. Mukauza mnzanu kuti "mphunzitsi wati walephera", iye ali ndi ufulu wofunsa kuti walephera ndani: iye womverayo, mwana wina amene mumakamba, kapena mphunzitsi mwini wake? Apa kamvekedwe sikathandiza. Alowam'malo oima paokha, *iwe*, *iyeyo*, *iye mwini*, amene nthawi zambiri timawasiya poti mneni amakhala atanena kale, pano ndiye pamene amadyera.

Kodi mumadziwa kuti pali ziyankhulo zimene zili ndi mlowam'malo wapadera wongothetsa chisokonezo chimenechi? Taonani chiganizo ichi: agogo anauza amalume kuti adzapita kumunda. Adzapite ndani? *A-* wathu ndi wa munthu mmodzi, ndi wa anthu ambiri, ndi waulemunso, ndiye wasenza katundu wochuluka. Chiewe, chimene chimayankhulidwa ku Ghana ndi ku Togo, chili ndi alowam'malo awiri pamalo amenewa. Wina amatanthauza mwini mawuwo basi, winayo amatanthauza munthu wina. Mukangomva woyambayo mwadziwa kuti wonenayo amanena za iye mwini. Katswiri wa ziyankhulo wa ku France, Claude Hagège, ndiye anapatsa alowam'malo otere dzina lawo la m'mabuku mu 1974, ataona kuti akupezeka m'ziyankhulo zingapo za mu Afirika. Chiamuhariki cha ku Ethiopia chinasankha njira ina: chimatha kusiya *ine* wa mwini mawu ali momwemo ngakhale m'kati mwa uthenga wonenedwa ndi wina.

Ife tilibe mlowam'malo wotero, koma tili ndi pothawira. Timati "agogo anauza amalume kuti iwo eni adzapita". Ngati opitawo ndi amalume ndipo ndi lamulo, mneni amasintha mathero: "kuti adzapite". Zikakanikabe, munthu wanzeru amangobwerera ku zoyankhula mwini: agogo anati, "Ndidzapita ndekha." Mvetserani anthu akamasimba mkangano wa anthu atatu kapena anayi pa chitsime. Sachedwa kusiya *a-* n'kuyamba kubwereka pakamwa pa aliyense: "Ndiye iwo amvekere, 'Ine sindinatenge.' Ine ndati, 'Nanga watenga ndani?'" Sikuti n'kukometsa nkhani kokha ayi. Akuthawa chisokonezo cha *a-*.

Kodi mumadziwa kuti lamulo silingalowe mu uthenga lili chilamulire? "Bwera!" alibe mwininkhani woonekera, ndiye akamanenedwa ndi wina amafunika kupatsidwa munthu ndi kusintha *-a* wotsiriza kukhala *-e*: anati ndibwere, anati ubwere, anati abwere. "Khalani pansi" amakhala "anati tikhale pansi". "Osasuta pano" amakhala "anati tisasute pamenepo". Ka *-e* kameneka n'kakang'ono koma kamalekanitsa zinthu zazikulu. "Adokotala ati mumwa mankhwala sabata ziwiri" akungokuuzani zimene zichitike. "Adokotala ati mumwe mankhwala sabata ziwiri" akukulamulani.

Kodi mumadziwa kuti chipongwe chimasungunuka chikadutsa mu zoyankhula wina? Iyi ndi mfundo imene ndimafuna aliyense wokhala pa bwalo la milandu ataidziwa. Mnyamata wauza apongozi ake aamuna kuti, "Iwe, choka pano!" Mnyamata wina wauza apongozi ake kuti, "Bambo, chokani pano." Madoda awiriwa akapita kwa ankhoswe kukadandaula mwa njira ya zoyankhula wina, onse anena chiganizo chimodzi: "Anati ndichoke." *Iwe* ndi *inu* onse asanduka *ndi-*, ka *-ni* kaulemu kapita, *bambo* wapita, mfuuliro wapita. Mlandu wonse unali mu *iwe*, ndipo *iwe* sakuonekanso. N'chifukwa chake wodandaula amene wapwetekedwadi mtima sanena kuti "anati ndichoke". Amati, "Anachita kunditchula kuti iwe." Ndipo mfumu yodziwa kuzenga milandu imaumirira kuti, "Tanenani mmene ananenera."

Zimathekanso mobwerera. Mwana akamanena mawu a mkulu amawaveka ulemu umene mwini wake sanadzipatse. Agogo amati "ndatopa", monga anenera wina aliyense. Mdzukulu sanganene kuti "wati watopa". Amati "ati atopa". Posankha pakati pa *wa-* ndi *a-*, wonena uthenga amaulula mmene akumuonera mwini mawu, ndipo mtolankhani amene walemba "wati" za munthu wina ndi "ati" za mnzake m'nkhani imodzi waonetsa mbali imene waima, kaya wafuna kaya sanafune.

Zinanso zimene sizipulumuka ndi mawu oitanira ndi ofuula. "Mayo ine!", "Ogo!", "Pepani!", "Zikomo!" salowa mu zoyankhula wina ali choncho. Amasanduka aneni: analira, anadabwa, anapepesa, anathokoza.

Kodi mumadziwa kuti funso likanenedwa ndi wina limasiya *kodi* ndi mfunsiro pakhomo? "Kodi wadya?" amakhala "anandifunsa ngati ndadya", ndipo kumapeto kumabwera mpumiro poti chiganizocho sichikufunsanso kanthu, chikusimba. *Ngati* ndi wa mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi. Mafunso enawo ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kusiya mawu ofunsirawo pamalo pawo: anandifunsa kuti ndabwera liti, anandifunsa kuti ndikufuna chiyani. Yachiwiri ndi kuwasandutsa: *chiyani* akhale *chimene*, *ndani* akhale *amene*, *bwanji* akhale *mmene*, *liti* akhale *tsiku limene*. Anandifunsa chimene ndikufuna, anandifunsa mmene ndayendera. Taonani kuti *ndayenda bwanji* wasanduka *mmene ndayendera*, mneni watalika, zimene ambiri amaiwala polemba.

Njira yoyambayo ndi imene imatipatsa chiganizo chokoma chija, "anandifunsa kuti ndikupita kuti". Ma *kuti* awiriwa si pachibale. Woyamba ndi wa kunena uja. Wachiwiri ndi *ku-* wa malo ndi *-ti* wofunsira, yemwe alinso mu *pati*, *uti* ndi *liti*.

Kodi mumadziwa kuti *akuti* amatha kuima popanda wonena? "Akuti shuga akwera mtengo." Akutero ndani? Palibe watchulidwa, ndipo wonenayo sakufuna kuti mumufunse. Ka *akuti* kapena *ati* koyambirira kwa chiganizo ndi chikwangwani chakuti izi ndangomva, musandigwire nazo. Chijeremani chili ndi maonekedwe apadera a mneni amene atolankhani ake amagwiritsa ntchito posonyeza kuti awa ndi mawu a wina. Ife ntchito imeneyo timaimaliza ndi timaphatikizo tiwiri kapena titatu. Koma chikwangwanichi chimagwa msanga. Woyamba amati "akuti wagwidwa", wachiwiri amati "wagwidwa", wachitatu amalumbira kuti anaona. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Makhoti nawonso amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pa malamulo a umboni amene Malawi anatengera ku Mangalande, umboni wongomva kwa wina kawirikawiri suloledwa kutsimikizira kuti chinthucho chinachitikadi, kupatula pa zifukwa zina zoikika.

Atolankhani ali ndi mnzake wa *-ti* amene amamuika kumapeto kwa mawu: *anatero*, *watero*, *atero*. Ubwino wa *anati* ndi *anatero* ndi woti saweruza. Aneni enawo amaweruza mwakachetechete. Mukalemba kuti munthu "anaulula kuti", mwanena kuti zinali zoona ndipo amabisa. "Anavomera kuti" akusonyeza kuti anachita kupanikizidwa. "Ananamizira kuti" wagamula kale mlandu. Munthuyo mwina anangoti chabe.

Kodi mumadziwa kuti womasulira m'tchalitchi amanena *ine* amene si wake? Mlaliki wachilendo akanena m'chiyankhulo chake kuti anabadwira kutsidya kwa nyanja, womasulira, mwana wa m'mudzi momwemo amene aliyense akudziwa kumene mchombo wake unagwera, amati, "Ine ndinabadwira kutsidya kwa nyanja," ndipo palibe amaseka. Onse akudziwa kuti ndi zoyankhula mwini, pakamwa pokha ndi pobwereka. Omasulira ophunzitsidwa bwino amalangizidwa kuchita chomwecho m'khoti ndi m'chipatala, chifukwa *ndi-* sasokoneza ngati *a-*. Tcherani khutu tsiku limene womasulira adzasinthe mwadzidzidzi n'kuyamba kunena kuti "akuti iwowo". Nthawi zambiri ndiye kuti mlendoyo wanena chinthu chimene womasulirayo sakufuna kuti chimveke ngati chake.

Kodi mumadziwa kuti *-ti* amanenanso mawu amene sanatuluke pakamwa? "Ndimati ndinu amalume" si mawu amene munanena, ndi ganizo limene linali m'mutu. "Ndinati ndione ngati muliko" ndi cholinga. "Anangoti zii" ndi kusayankhula kumene. Chichewa chimatenga ganizo ngati mawu amene munthu wadziuza yekha, ndipo malamulo ake ndi omwewo: munthu amasintha, nthawi imakhala. "Ankaganiza kuti mvula ibwera" akusunga *ibwera* wa tsiku limenelo, ngakhale ife tikudziwa kuti chaka chimenecho kunali chilala.

Pomaliza, kodi mumadziwa kuti Uthenga Wabwino wa Yohane uli ndi nkhani ya mawu amene anapotoka chifukwa chonenedwa ndi ena? Ili m'mutu 21, ndime 21 mpaka 23. Petro anafunsa Yesu za tsogolo la wophunzira mnzake, uja amatchedwa wokondedwa. Yankho la Yesu linali funso, ndipo funsolo linali lomangidwa pa *ngati*: linangoyerekeza kuti mwina Iye akhoza kufuna kuti wophunzirayo akhalebe ndi moyo kufikira kubwera kwake, n'kusonyeza Petro kuti zimenezo sizikumukhudza. Mawuwo atayamba kuyenda pakati pa abale, *ngati* anagwera panjira, funso linasanduka chiganizo chotsimikiza, ndipo mbiri inawanda yakuti wophunzira ameneyo sadzafa. Alowam'malo onse anasinthidwa bwinobwino, nthawi ya mneni inalozabe m'tsogolo, koma kuyerekeza kunasanduka lonjezo. Wolemba bukulo pofuna kukonza sanachite kufotokoza zambiri. Anati Yesu sananene kuti wophunzirayo sadzafa, kenaka anabwereza mawu a ndime 22 mu ndime 23 mwa njira ya zoyankhula mwini, *ngati* wake ali pamalo pake.